Laputopu imene ndalandira si imene analemba: kodi ndingaikane n'kulandira ndalama zanga?

Funso: Ndagula laputopu yatsopano kwa wamalonda wina. Pa chilengezo chake komanso pa lisiti analemba kuti ili ndi RAM ya 16 GB ndi malo osungira zinthu a 512 GB. Lero ndi tsiku la 6 chiilandirireni, ndipo dzulo ndazindikira kuti RAM ndi 8 GB yokha, malo osungiranso akuonetsa 476 GB. Wogulitsayo akuti makinawo akugwira ntchito bwinobwino ndipo katundu wogulidwa sabwezedwa, koma angathe kuwonjezera RAM ndikamusiyira. Ine ndikufuna ndalama zanga. Ndaikamo kale mapulogalamu ndi mafayilo anga. Kodi ufulu umenewo ndili nawo? — Mayi wina wowerenga

Yankho: Mayi, nkhani yanu ili ndi miyendo, ndipo m'maiko ambiri lamulo lili kumbali yanu. Koma ufulu wokana katundu suchedwa kufota. Chimene chimaufoola kwambiri ndi zochita za wogula yemwe m'masiku oyambirira, kuposa kukanika kwa wogulitsa. Choncho musanawerenge zina zonse, siyani kugwiritsa ntchito laputopuyo lero lomwe. Chifukwa chake ndichifotokoza m'munsimu.

Tiyambe ndi kusefa madandaulo anu awiri, pakuti lolimba ndi limodzi lokha. La 476 GB lisiyeni. Makampani opanga zosungira zinthu amawerenga gigabaiti imodzi ngati mabaiti 1,000,000,000, pamene Windows imaiwerenga ngati mabaiti 1,073,741,824. Mukagawa mabaiti 512,000,000,000 ndi nambala yachiwiriyi mupeza pafupifupi 476. Ndiye kuti pamenepo anakupatsani chimene analonjeza, kungoti miyeso ndi iwiri. Musalitchule n'komwe dandaulo limeneli mukamalankhula ndi wogulitsa, chifukwa wamalonda wochenjera amagwira mfundo yofooka, kuigwetsa, n'kuonetsa ngati mlandu wonse ndi wa munthu wosadziwa makompyuta.

RAM, malo amene kompyuta imasungamo kwakanthawi zinthu zimene ikugwiritsa ntchito, ndi nkhani ina. Makina a 16 GB angaonetse 15.7 kapena 15.4 GB yogwiritsidwa ntchito, chifukwa kagawo kena kamapatulidwira zoonetsa zithunzi, koma ngati zonse zili bwino satsika mpaka 8. Tsegulani Settings, kenako System, kenako About, muone mzere wolembedwa Installed RAM. Tsegulaninso Task Manager, pitani pa Performance, kenako Memory, pomwe pamaoneka kuchuluka kwa RAM ndi mipata yoikamo RAM imene yagwiritsidwa ntchito. Jambulani masikirini onse awiriwa ndi foni, ndipo mujambulenso kunsi kwa laputopu pamene pali nambala ya mtundu wake ndi nambala yakeyake ya makinawo, pamodzi ndi chizindikiro cha pa katoni. Nambala ya mtunduyo ndi mboni yabwino kwambiri: mukaifufuza pa tsamba la kampani yopanga, kawirikawiri imasonyeza RAM imene makinawo anatuluka nayo ku fakitale. Ikanena 8 GB, ndiye kuti anakupatsani mtundu wina, wotsika. Ikanena 16 GB, ndiye kuti mwina kachidutswa kena ka RAM kanachotsedwa, kanafa kapena kakhwefuka, ndipo pa makina amene anakugulitsani ngati atsopano limenelonso ndi vuto la wogulitsa. Chimene musayerekeze kuchita ndi kumasula zomangira kuti muone m'kati. Mukatsegula nokha, mwampatsa mnzanuyo mpata wonena kuti RAM munachotsa ndinu.

Tsopano pa lamulo. Mfundo yake ndi yakale ndipo ndi yosavuta kumva: katundu akagulitsidwa pofotokoza mmene alili, katundu amene waperekedwa ayenera kufanana ndi mafotokozedwewo. Ku Britain mfundoyi inalembedwa m'ndime 13 ya lamulo la kugulitsa katundu la 1893, ndipo maiko ambiri amene anatengera malamulo a kumeneko anaikopera pafupifupi liwu ndi liwu. Mphamvu yake ili pakuti lamulo limaiika m'gulu la mizati ya pangano. Mfundo yaing'ono ya pangano ikaphwanyidwa, wolakwiridwa amangolandira chipukutamisozi koma katundu amakhala naye. Mzati ukathyoka, wogula angathe kukana katundu yense ndi kuitanitsa ndalama zake zonse. Sipafunikanso kuti mfundoyi ilembedwe pa lisiti kapena kuti munaikambirana. Lamulo limailowetsa lokha m'pangano.

Mawu akuti makinawo akugwira ntchito bwinobwino amayankha funso limene inu simunafunse. Lamulo limasiyanitsa zinthu ziwiri: ngati katundu ali wabwino ndi woyenera ntchito yake, ndi ngati katundu ali yemweyo amene anafotokozedwa. Wogulitsa angapambane pa choyamba koma n'kugwa pa chachiwiri. Mlandu wodziwika pa nkhaniyi ndi wa kampani ya Arcos ndi ya Ronaasen, umene unagamulidwa ndi khoti lalikulu koposa la ku Britain mu 1933. Ogula anaitanitsa timatabwa topangira migolo ya simenti, tochindikala theka la inchi. Timatabwa tambiri tinafika tochindikala pang'ono kuposa pamenepo, tambiri mwa ito ndi mamilimita osakwana 2, ndipo panalibe wotsutsa kuti tikanapangabe migolo yabwino. Khoti linati ogula anali ndi ufulu wotikana. Woweruza Atkin ananena kuti tani sitanthauza "pafupifupi tani", ndipo wogulitsa amene akufuna mpata wa kusiyana pang'ono ayenera kuulembetsa m'pangano. Chigamulo chimenechi ena amachiona ngati chouma mtima, moti mu 1994 a ku Britain anasintha lamulo kuti pa malonda a pakati pa amalonda okhaokha, wogula asakane katundu chifukwa cha kusiyana kochepetsetsa. Kusinthako sikunakhudze munthu wogula zogwiritsa ntchito yekha. Ndipo ngakhale kukanakukhudzani, kulandira theka la RAM imene munalipira si kusiyana kochepa mwanjira ina iliyonse.

Si mawu onse a wogulitsa amene lamulo limawatenga ngati mafotokozedwe. "Yachangu kwambiri", "yabwino koposa zonse", "simudzadandaula": amenewa ndi mawu oitanira malonda, ndipo khoti silingawayeze. Mawu amene amamanga wogulitsa ndi osonyeza chinthucho kuti n'chiyani: mtundu, chaka chimene chinapangidwa, kukula, kulemera, chimene chinapangidwira, kuti n'chatsopano kapena chogwiritsidwapo ntchito. "16 GB" ndi nambala yoyezeka, ndipo pa kompyuta ndi imodzi mwa nambala zimene zimasiyanitsa mtundu wina ndi unzake. Kuti nambalayi ili pa chilengezo komanso pa lisiti ndi mwayi wanu waukulu. Jambulani chilengezocho tsopano, tsiku likuoneka, chifukwa zilengezo za pa intaneti zimasinthidwa mwakachetechete dandaulo likangofika.

Mwina wogulitsa adzati munaiona laputopuyo musanagule, ndipo malonda ndi m'maso. Kuona katundu sikufafaniza zimene zinalembedwa za iye. Mu 1967 khoti la apilo la ku England linamva mlandu wa Beale ndi Taylor. Galimoto inalengezedwa kuti ndi Herald ya 1961. Wogula anapita, anaiona, anakweramo, anagula. Pambuyo pake zinadziwika kuti inali magalimoto awiri owotcherera pamodzi: kumbuyo kunalidi kwa 1961, kutsogolo kunali kwa mtundu wakale. Chikomekome cha mkuyu. Wogulitsayo sanali wamalonda, anali munthu wamba amenenso sankadziwa za kuwotchererako, koma khoti linati malondawo anali odalira mafotokozedwe ndipo wogula anapambana. Pali zinthu ziwiri zoti mutolepo. Choyamba, simukusowa kutsimikiza kuti wogulitsa anakunamizani mwadala. Ngakhale zitakhala kuti nayenso anapusitsidwa ndi amene amamuoda, kapena wantchito wake anasokoneza makatoni, udindo ndi wake. Choncho m'kalata yanu musamutchule kuti wakuba kapena wachinyengo. Mawu amenewo amangoumitsa mitima ndipo amakusenzetsani mtolo wa umboni umene lamulo silinakupempheni. Chachiwiri, mfundoyi imagwira ngakhale pogula kwa munthu wamba, pamene mfundo zina, monga ya ubwino wa katundu, nthawi zambiri zimamanga amalonda okha.

Malire ake alipo. Wogula ayenera kukhala kuti anadalira mafotokozedwewo. M'mlandu wina wa ku England, wa kampani ya Harlingdon ndi ya Christopher Hull, chithunzi chinagulitsidwa ngati chojambulidwa ndi Gabriele Münter, koma chinali chabodza. Wogulitsa anali atanena poyera kuti ntchito za wojambulayo sazidziwa, ndipo ogulawo ndiwo anali akatswiri a zithunzi za ku Germany amene anachiyesa okha. Khoti linati anadalira maso awo, ndipo analephera. Kwa inu zikanafanana ndi zimenezi wogulitsa akanakuuzani musanalipire kuti makina atsalawo ndi a 8 GB, kapena mukanatsegula About m'sitolo, kuona 8 GB, n'kulipirabe. Ngati sizinatero, mlandu umenewu sukukhudzani.

Za mawu akuti katundu wogulidwa sabwezedwa, sindichedwapo. Mawu otere ali ndi ntchito yake: amateteza wamalonda kwa wogula amene wangosintha maganizo, kapena wapeza chinthu chomwecho kwina. Sangamasule wamalonda pa udindo wopereka chimene anagulitsa. M'maiko ambiri okhala ndi malamulo oteteza ogula, ufulu umenewu sungachotsedwe ndi chikwangwani kapena ndi mawu a pa lisiti, ndipo m'maiko ena kupachika chikwangwani chosocheretsa ogula motero ndi mlandu pawokha. Musalolenso kuti akutumizeni ku kampani yopanga chifukwa cha waranti. Pangano lanu ndi la inu ndi amene analandira ndalama zanu. Waranti imakonza zowonongeka, ndipo kampani yopanga idzangokuuzani kuti makina a 8 GB amenewo alibe vuto.

Tsopano pa gawo limene anthu ambiri amagwerapo. Lamulo limati wogula "akalandira" katundu, m'lingaliro la lamulo, sangamukanenso, amangotsala ndi chipukutamisozi. Kulandira kumeneku n'kosiyana ndi kutenga katoni m'manja mwa wobweretsa. Kumachitika m'njira zitatu: mukamuuza wogulitsa kuti mwakhutira ndi katundu, mukachita ndi katunduyo zinthu zimene mwini yekha angachite, kapena mukamusunga nthawi yaitali osanena kuti mwamukana. Musanafike pamenepo, lamulo limakupatsani mpata woyenera woyesa katundu. N'chifukwa chake kusaina pepala la wobweretsa katundu, katoni isanatsegulidwe, m'malamulo ambiri sikutha ufulu wanu.

Masiku 5 amene munagwiritsa ntchito laputopuyo musanadziwe sakundidetsa nkhawa. Munthu sangayese kompyuta osaiyatsa, osapanga akaunti, osaikamo pulogalamu. Mafayilo amafufutika, makina amabwerera mmene analili. Chimene chingakupwetekeni ndi zochita za pambuyo pa dzulo. Munthu amene wadziwa kuti RAM ndi yoperewera, n'kupitiriza kugwirira ntchito pa makinawo milungu itatu uku akuti akufuna ndalama, pakamwa pake pakukana koma manja ake akulandira, ndipo woweruza amakhulupirira manja. Zoipa koposa ndi zimene sizibwereka: kuigulitsa kwa wina, kuipereka ngati chikole, kuilembapo dzina mozokota, kupita nayo kwa mmisiri wanu kuti asinthe zam'kati. Ndinathandizapo bambo wina amene anagula makina osindikizira olembedwa kuti amasindikiza mbali zonse ziwiri za pepala, pamene sankatero. Umboni anali nawo wonse. Koma anati ayambe watsiriza ntchito imene inali m'manja, ndipo anasindikiza nawo miyezi iwiri asanalembe kalata. Tinapeza kangachepe ka kusiyana kwa mtengo, makinawo anakhala nawo. Zinandiwawa, chifukwa kalata ya mizere isanu m'sabata yoyamba ikanamubwezera zonse. Pakadafunda padajiwitsa galu.

Nanga nthawi yoyenera ndi masiku angati? Malamulo akale sanatchule nambala, anasiyira oweruza kuti aone mtundu wa katundu ndi kuvuta kwa kuzindikira cholakwikacho. Ku Britain lamulo la ufulu wa ogula la 2015 linaika masiku 30 a kukana katundu ndi kulandira ndalama zonse. Masikuwo akatha, wamalonda amapatsidwa mwayi umodzi wokonza kapena wosintha katundu, ndipo akalephera m'pamene wogula angakanenso kapena kupempha kuti mtengo utsike. M'maiko a mgwirizano wa ku Ulaya dongosolo limayamba ndi kukonza kapena kusintha, ndipo kubweza ndalama kumabwera ngati zimenezo zalephereka, zakanidwa, kapena vutolo ndi lalikulu. Ku America wogula angakane katundu wosiyana ndi pangano mwanjira iliyonse, koma wogulitsa amakhala ndi mpata wina wobweretsa katundu woyenera. Lamulo limene likukhudzani ndi la dziko limene munagulira, choncho onani nambala ya masiku yake pa tsamba la bungwe loteteza ogula la kumeneko. Pa tsiku la 6 muli m'kati mwa nthawi m'madongosolo onsewa. Ngati munagula pa intaneti osaona katundu, onaninso ngati dziko limenelo lili ndi masiku obwezera katundu popanda kupereka chifukwa, monga masiku 14 a ku Ulaya. Umenewo ndi ufulu wina wapadera, koma nthawi zina ndiyo njira yachidule.

Maganizo a wogulitsa owonjezera RAM ndi ofunika kuwasinkhasinkha. Kumene lamulo limakupatsani ufulu wokana nthawi yomweyo, simukakamizidwa kuwavomera. Ine sindingawavomere msanga, pa zifukwa za makinawo. Malaputopu ambiri opyapyala ali ndi RAM yowotchereredwa pa bolodi, yosatheka kuwonjezera. Ena ali ndi mpata umodzi wokha. Kumene kuli kotheka, mudzalandira makina amene atsegulidwa, okhala ndi kachidutswa kamene simukudziwa ngati n'katsopano kapena kochotsedwa m'makina ena, kamenenso waranti ya kampani yopanga sikakhudza. Komanso mtundu wa 8 GB nthawi zina umasiyana ndi wa 16 GB pa zinthu zina, monga purosesa kapena sikirini, ndiye yerekezerani zonse ndi chilengezo, osati RAM yokha. Kusintha kumene kungakhale kwachilungamo ndi kukupatsani makina ena osatsegula, a mtundu umene munalipira.

Kukambirana pakokha sikukutayitsani ufulu, malinga mwanena poyera kuti simunalandire katunduyo. Mu 2003 khoti la apilo la ku England linagamula mlandu wa Clegg ndi Andersson, wokhudza boti limene chitsulo chake chakunsi chinali cholemera kuposa muyeso wa kampani yopanga. Ogula anakhala miyezi yoposa 6 akufunsa mafunso ndi kudikira mayankho a mmene vutolo lingakonzedwere, kenako anakana botilo, ndipo khoti linati ufulu wawo unali usanathe, chifukwa nthawi yonseyo ankafufuza zoti asankhe mwanzeru. Chimene chinawapulumutsa ndi makalata. Choncho ngati mungafune kumupatsa wogulitsa mwayi, lembani kuti mukulola kuyesako popanda kutaya ufulu wanu wokana, ndipo ikani tsiku lomalizira.

Kukana katundu kuyenera kumveka bwino. Kudandaula n'kosiyana ndi kukana. "Sindinasangalale", "muchitepo kanthu", "mundiganizire": mawu amenewa ndi aulemu, koma sanena chimene mwasankha, ndipo nthawi imapitirira kuyenda. Lembani uthenga umene udzasiye chizindikiro cha tsiku, kaya imelo, kaya kalata yosainitsa, kaya uthenga wa pa foni umene mungausunge. Ungamveke motere:

"Pa tsiku lakuti ndinagula kwa inu laputopu ya mtundu wakuti, nambala yake yakuti, lisiti nambala yakuti. Chilengezo chanu ndi lisiti zikunena kuti ili ndi RAM ya 16 GB. Makina amene ndalandira ali ndi 8 GB, monga zithunzi ndaphatikizazi zikuonetsera. Katunduyu sakufanana ndi mafotokozedwe anu, choncho ndikumukana ndipo ndikupempha kuti mundibwezere ndalama zanga zonse, mwa njira imene ndinalipirira, pasanathe masiku 14. Ndasiya kugwiritsa ntchito makinawo ndipo ali okonzeka kuti muwatenge pamodzi ndi chaja ndi katoni yake."

Musawonjezere mbiri yaitali kapena ziopsezo. Uthenga ukangopita, muzidziona ngati wosunga katundu wa mwini. Koperani mafayilo anu kamodzi kokha, tulukani m'maakaunti anu onse, ndipo mutatha kujambula umboni uja bwezeretsani makinawo mmene analili pogwiritsa ntchito Reset this PC, posankha Remove everything. Ikani laputopu m'katoni yake ndi zonse zimene inabwera nazo, pamalo ouma ndi otetezeka. Ikagwa kapena kunyowa ili m'manja mwanu chifukwa cha kusasamala, nkhani idzasokonekera.

Pa funso la amene ayenera kunyamula katundu, lamulo lakale lija limati wogula amene wakana katundu moyenera sakakamizidwa kumubweza yekha, pokhapokha ngati munagwirizana zina. Kudziwitsa wogulitsa n'kokwanira. Lamulo la ku Britain la 2015 limaika ndalama zoyenera zotumizira pa wamalonda, ndipo limamulamula kubweza ndalama pasanathe masiku 14 chivomerereni, mwa njira yomwe wogula analipirira, popanda kudulapo kanthu. Komabe, ngati sitoloyo ndi yofikirika, kupita nayo nokha kumafulumizitsa zinthu. Mukatero musaisiye chabe pa kauntala. Pemphani pepala losainidwa lonena tsiku, nambala ya makinawo, mmene alili, ndi mawu akuti abwezedwa chifukwa chokanidwa. Onetsetsani kuti sanakulembereni pepala la katundu wodzakonzedwa, chifukwa pepala limenelo lidzanena nkhani yosiyana ndi yanu. Lisiti lenileni likhale ndi inu, iwo apatseni kope.

Pali zinthu ziwiri zimene amalonda amakonda kuyesa pa mphindi yomaliza. China ndi vocha yoti mudzagulire katundu wina m'sitolo momwemo. Ngati mwakana katundu mwalamulo, chimene muyenera kulandira ndi ndalama, ndipo vocha mungailandire pokhapokha mwafuna nokha. China ndi kudula kagawo ka ndalama ponena kuti katoni yatsegulidwa kapena makina agwiritsidwa ntchito. Kudula kotere kumamveka pamene wogula wangosintha maganizo. Pamene cholakwa ndi cha wogulitsa ndipo mwakana m'nthawi yake, katoni inatsegulidwa poyesa katundu, umene ndi ufulu wanu, ndipo ndalama zimabwera zathunthu, kuphatikizapo zimene munalipira kuti akubweretsereni.

Akakana kapena akangokhala chete, yambani ndi njira imene munalipirira. Ngati inali khadi la banki, pemphani banki yanu kuti itsegule dandaulo la katundu wosafanana ndi mafotokozedwe. Makampani a makhadi amalola zimenezi kwa nthawi yoikika, kawirikawiri masiku pafupifupi 120, ndipo banki idzafuna kuona chilengezo, lisiti, zithunzi zija ndi umboni woti munayamba mwalankhula ndi wogulitsa. Ngati munagula kudzera pa msika wa pa intaneti, tsegulani dandaulo m'kati mwa msikawo nthawi yake isanathe, ndipo musalitseke chifukwa cha lonjezo la wogulitsa, pakuti m'misika yambiri dandaulo lotsekedwa silitsegukanso. Kenako pali bungwe la boma loteteza ogula, ndi khoti la milandu ing'onoing'ono, kumene m'maiko ambiri munthu amadziyankhulira yekha popanda loya. Mlandu ngati wanu umatha ndi mapepala anayi: chilengezo, lisiti, chithunzi cha sikirini chokhala ndi nambala ya makina pambali, ndi uthenga wanu wokana wokhala ndi tsiku. Ngati wogulitsa anganene kuti RAM munachotsa ndinu, zomangira zosakhudzidwa ndi nambala ya mtundu ija zidzakuyankhirani, ndipo mungapemphenso mmisiri wosakondera mbali kuti alembe zimene waona popanda kusintha kanthu.

Mwina pofika mawa mungaone kuti simungakhale opanda kompyuta kwa milungu imene nkhaniyi ingatenge. Zikatero, lamulo limakulolani kusunga makinawo n'kuitanitsa kusiyana kwa mtengo pakati pa laputopu ya 16 GB imene munalonjezedwa ndi ya 8 GB imene muli nayo. Kusiyanako mumakupeza poyerekeza mitengo ya mitundu iwiriyo kwa amalonda angapo pa nthawi imene munalandira katundu, ndipo zithunzi za mitengoyo muzisunge. Kungoti njira ziwirizi siziyendera limodzi. Mukasankha kusunga, lembani kuti mukusunga makinawo koma mukufuna kusiyana kwa mtengo, ndipo dziwani kuti khomo la kubweza ndalama zonse mwalitseka. Ngati RAM ya makinawo ndi yowotchereredwa, ganizirani kawiri musanasankhe njira imeneyi, chifukwa 8 GB imeneyo mudzakhala nayo mpaka laputopuyo idzathe.